Chigayo cha ku Dowa choyendetsedwa ndi mayi wa ku Leeds

Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama ndi kulangiza anthu a mabizinesi ang'onoang'ono ku Lilongwe kuno. Pa zaka zingapo zapitazi, ambiri mwa amene amandiimbira ndi abale athu a kunja: a ku Joni, a ku Mangalande, ena a ku Ireland. Funso lawo limakhala limodzi lomwelo, loti kodi ndingayambe bizinesi yanji kumudzi ine ndikugwirabe ntchito kuno. Lipoti ili ndi la mayi mmodzi amene ndinagwira nawo ntchito kuyambira mu 2022 mpaka kumapeto kwa 2024. Dzina lawo sinditchula, ndipo anandilola kulemba ziwerengero zawo.

Mayiwa amasamalira okalamba mu mzinda wa Leeds. Amagwira maola 12 pa tsiku, masiku anayi pa sabata, nthawi zina usiku. Kwawo ndi m'boma la Dowa, pafupi ndi katauni kena ka m'mbali mwa msewu wa tala. Atandipeza anali atasunga mapaundi 9,500 m'zaka zitatu, ndipo anali atapsa kale kamodzi. Mu 2020 anagulira achimwene awo njinga zamoto ziwiri za kabaza. Pofika chaka chotsatira imodzi inali itagona kuseri kwa nyumba yopanda injini, inayo ikuyenda koma ndalama yake sinkaoneka. Sankanena kuti achimwene awo anaba. Chimene chinkawapweteka ndi choti sankadziwa ngati anaba kapena ayi, ndipo panalibe njira yodziwira.

Tinayambira pamenepo. Ndinawauza kuti tisayambe ndi funso loti ndi bizinesi iti imene ili ndi phindu lalikulu. Tiyambe ndi loti ndi bizinesi iti imene munthu ali kutali angawerenge malonda ake popanda kudalira pakamwa pa amene wagwira ndalama.

Zimene tinazikana

Minibasi tinaikana tsiku loyamba lomwelo. Ndalama yake imalowa m'manja mwa kondakitala pang'onopang'ono tsiku lonse, mafuta amagulidwa m'njira, ndipo tsiku lililonse pali chifukwa chomveka chimene ndalama yachepera: apolisi, tayala, okwera kunalibe. Zifukwazi nthawi zambiri zimakhala zoona, n'chifukwa chake zabodza zimabisalamo bwino. Golosale ndi chimodzimodzi, katundu wake ndi wamitundumitundu ndipo theka lake limapita pa ngongole kwa achibale. Nkhuku za nyama zimakopa chifukwa zimakhwima pa masabata asanu ndi limodzi, koma nkhuku yofa ndi chitopa ndi nkhuku yogulitsidwa mwamseri zimafanana pa foni. Zonse zimangokhala kuti palibe.

Nyumba za lendi zinali zabwino pa mbali ya kuwerenga, popeza chitseko chilichonse chili ndi mtengo wake ndipo wolowa amalipira yekha pa foni kapena ku banki. Koma ndalama imene anali nayo ikanathera pa maziko ndi zipupa, lendi n'kumabwera pang'ono kwambiri. Kugula soya kapena chimanga pa nthawi yokolola n'kusunga tinakuganiziranso, makamaka posunga m'nkhokwe zimene zimapereka lisiti ya katundu, monga zimene zili pansi pa Agricultural Commodity Exchange for Africa. Njirayi imachotsa vuto la matumba osowa, koma phindu lake limadalira mtengo wa msika, ndiponso boma likhoza kuletsa kutumiza chimanga kunja mitengo n'kutsika. Mayiwa ankafuna chinthu cholowetsa ndalama sabata iliyonse.

Chigayo chinapambana pa chifukwa chimodzi. Kuti chimanga chisanduke ufa mota iyenera kuzungulira, ndipo mota ikazungulira mita ya magetsi imawerenga. Mitayo ilibe mlamu, siipita ku maliro, ndipo mayuniti ake mwini akhoza kugula yekha ali ku Leeds.

Malo ndi makina

Mwezi wathunthu unathera pa kusankha malo. Mota za chigayo chachikulu zimafuna magetsi a mawaya atatu, aja amati filii fezi, osati a m'nyumba. Malo amene achimwene ankafuna anali pa bwalo la makolo, aulere, koma kutali ndi thiransifoma. Kukoka mawaya mpaka kumeneko, mwinanso kulipirira thiransifoma yake, kukanadya ndalama yoposa ya makina onse. Tinapeza malo ena pa msika pomwe, mamita ochepa kuchokera pa thiransifoma, ndipo tinayamba tatsimikiza ku ESCOM kuti ikhoza kunyamula mota zathu tisanaike njerwa ngakhale imodzi. Anthu ambiri amamanga kaye n'kukafunsa pambuyo, ndipo ndaonapo zigayo zatsopano zitakhala chaka chathunthu makina akuchita dzimbiri m'kati.

Ndinakhala pa msikapo masiku awiri, limodzi la msika ndi lina wamba, ndikuwerenga anthu olowa m'chigayo chimene chinalipo kale. Chinali cha dizilo, chokalamba, ndipo amayi ankafola ndi madengu mpaka panja. Ena ankapalasa njinga kupita ku msika wina. Izi zinandikwanira.

Malowo tinachita lendi ya zaka khumi, pa pepala, mwini malo ndi mayiwa atasaina, a mfumu ndi mboni ziwiri alipo. Dzina la pa pepalalo ndi la mayiwa, osati la achimwene. Dzina la bizinesi tinalembetsa kwa Registrar General, nambala ya msonkho tinatenga ku MRA, chilolezo cha malonda ku khonsolo ya boma. Akaunti ya mita ya magetsi nayonso ili m'dzina la bizinesi. Pamenepa panavuta pang'ono. Achimwene anaona ngati sakukhulupiriridwa, ndipo anandiuza maso ndi maso kuti, "Bambo, mlongo wangayu ndinamulera ndine, lero akundiyesa mlendo?" Ndinawayankha kuti pepalalo likuwateteza iwo omwe, chifukwa chigayo chikadzagwa m'ngongole sadzalandidwa ng'ombe zawo. Anavomera, ngakhale mtima sunatsike tsiku lomwelo.

Makina tinagula awiri kwa amisiri a ku Lilongwe konkuno: chogaya cha mahamala chokhala ndi mota ya mahatchi 30, yomwe ndi pafupifupi makilowati 22, ndi chokonola cha mota yocheperapo. Ndalama sinadutse m'manja mwa wachibale aliyense. Mayiwa ankatumiza ku akaunti ya bizinesi, n'kulipira wogulitsa mwachindunji akaona invoisi. Omanga ankalipidwa pa gawo lililonse likatha, ataona chithunzi ndiponso ine kapena mnyamata wanga wa ku ofesi atakaima pamalopo. Tinaonjeza zinthu zitatu zotchipa zimene amisiri sanaziike pa mtengo wawo. Choyamba ndi kachipangizo kozimitsa mota waya mmodzi mwa atatu aja akafa, chifukwa mota ikapitiriza kuyenda ndi mawaya awiri imapsa pa mphindi zochepa. Chachiwiri ndi maginito pakamwa pa chogaya yogwira misomali ndi timawaya. Chachitatu, chomwe ndi mtima wa nkhani yonseyi, ndi kamita kakang'ono pa mota iliyonse, kuti tidziwe magetsi a kugaya pawokha ndi a kukonola pawokha.

Tinatsegula mu Meyi 2023, pa nthawi yokolola. Tinachita mwayi ndi nyengo. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuzimazima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku. Makina a Kapichira anabwerera m'miyezi yoyambirira ya 2023, ife tikumaliza denga. Tikanatsegula chaka chimodzi m'mbuyo, lipoti lino likanakhala lina.

Kuyeza

Sabata yoyamba ndinapita ndi sikelo ndi kope. Tinatenga ndowa ya malita 20, yomwe anthu a kumeneko amayezera, yodzaza mosefukira pang'ono monga mwa chizolowezi chawo. Thumba la makilogalamu 50 limatulutsa ndowa zotere pafupifupi zitatu. Tinalemba nambala ya pa kamita, n'kugaya ndowa 30 za chimanga chouma, mahamala ali atsopano, sefa ili ya ufa wa nsima. Kamita kanayenda mayuniti 15. Tinabwereza tsiku lotsatira, ndi linanso, zotsatira zinali zoyandikana. Choncho tinagwirizana kuti pa chigayo ichi yuniti imodzi ndi ndowa ziwiri. Chokonola tinachiyezanso mwa njira yomweyo, ndipo chili ndi nambala yakeyake. Nambala imeneyi musakopere kwa mnzanu. Imasintha ndi kukula kwa mota, maso a sefa, ndi kauma kwa chimanga, ndiye chigayo chilichonse chiyezedwe pachokha mwini kapena womuimira ali pomwepo.

Anthu ogwira ntchito ndi atatu. Pakhomo pali mtsikana wolemba matikiti, amene amayeza ndowa, kulandira ndalama, n'kung'amba tikiti ya nambala m'buku la makope awiri. M'kati muli wogaya ndi womuthandiza, ndipo lamulo lawo ndi loti sagwira ndalama ndipo sagaya chimanga chopanda tikiti. Matikiti amabaya pa waya. Mtsikanayo si wachibale wa wogaya, ndipo onse awiri si achibale a mayiwa. Achimwene ndi kapitawo: amatsegula, amatseka, amagula zofunika, ndipo ali pa malipiro a mwezi ndi gawo la phindu. Ndinaumirira kuti alipidwe bwino. Wachibale woyang'anira bizinesi ulere amadzilipira yekha, ndipo mumtima mwake saona cholakwa.

Madzulo aliwonse, isanakwane 7 koloko, zithunzi zinayi zimalowa pa gulu la WhatsApp limene tilimo anayi: nkhope za timamita tiwiri tija, tikiti yomaliza ya tsikulo, ndi uthenga wosonyeza kuti ndalama yalowa. Ndalama ya tsiku imaikidwa tsiku lomwelo kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba pa msikapo, n'kupita ku akaunti ya bizinesi ku banki. Wotulutsa ndalama mu akauntiyo ndi mayiwa okha, kudzera pa foni. Mayuniti a magetsi amagula okha, n'kutumiza manambala ake kwa achimwene kuti alowetse m'mita. Malawi ali patsogolo pa Britain ndi ola limodzi m'chilimwe chawo, maola awiri m'nyengo yawo yozizira, ndiye zithunzizo zimafika iwo akadali pa ntchito. Amaziona pa basi pobwerera, n'kulemba manambalawo m'kabuku. Zimawatengera mphindi 15 kapena 20 pa tsiku, ndi ola limodzi Lamlungu tikamaonkhetsa sabata yonse.

Mu Julayi 2023 kamita ka chogaya kanayenda mayuniti 1,100. Pa kuyeza kwathu, zimenezi ndi ndowa 2,200. Matikiti anasonyeza 2,130. Kusiyana kwa ndowa 70, kapena kuti zitatu pa 100 zilizonse, n'kwachibadwa, chifukwa mota imadya magetsi ambiri poyamba kuzungulira ndipo nthawi zina imayenda chabe podikira wina athire. Tinagwirizana kuti kusiyana kukakhala kosapitirira khumi pa 100 sitifunsa munthu. Pa mtengo wa K600 pa ndowa, kugaya kokha kunalowetsa K1,278,000 mwezi umenewo. Kuphatikiza kukonola ndi madeya, titachotsa magetsi, malipiro, lendi ndi zokonzetsa, panatsala pafupifupi K700,000.

Madeya ndiwatchule pang'ono, popeza ambiri amawaiwala powerengera. Anthu ena akakonoletsa amatenga gaga wawo, ena amasiya kapena kugulitsa motchipa pomwepo. Oweta nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe zamkaka amawafuna chaka chonse. Ndi ndalama yabwino, komanso ndi malo amene katundu amasowera mosavuta chifukwa alibe tikiti. Tinawaika m'matumba, kuwerenga madzulo, ndi kufanizira ndi mayuniti a chokonola.

Okutobala

Vuto linaonekera pang'onopang'ono. Mu Seputembala kusiyana kunafika pa khumi ndi ziwiri pa 100, ndipo ndinalangiza kuti tidikire. Pamenepa ndinalakwitsa, ndinayenera kupita nthawi yomweyo. Mu Okutobala kamita kanayenda mayuniti 900, kutanthauza ndowa 1,800, koma matikiti anali 1,370. Ndowa 430 zinalibe mwini. Pa K600 imeneyo ndi K258,000 mwezi umodzi.

Mayiwa anandiimbira pakati pa usiku kwawoko, ali pa nthawi yopuma, mawu akunjenjemera. "Bambo, zayambanso za njinga zija. Ndiwaimbire achimwene pompano ndiwauze achoke." Ndinawapempha kuti asaimbire aliyense mpaka nditapita. Mita imanena kuti magetsi apita, siinena kuti apita chifukwa chiyani. Pali zifukwa zinayi zimene mayuniti amachulukira kuposa matikiti, ndipo kuba ndi chimodzi chokha mwa izo. Mahamala akatha kunsonga amamenya chimanga kambirimbiri chisanadutse pa sefa. Mphale yoviika imene sinaume bwino imamatirira ndi kutseka maso a sefa. Wogaya wosasamala amasiya mota ikulira yopanda kanthu. Ukayamba ndi kuloza chala usanachotse zitatuzi, umataya m'bale wako ndipo mwina wataya wosalakwa.

Ndinafika Lachiwiri m'mawa osanena. Titatsegula chivindikiro cha chogaya, mahamala anali atabulungika ngati timiyala ta mumtsinje, makona onse atatha. Chitsegulireni anali asanatembenuzidwe, chonsecho hamala iliyonse ili ndi makona oti ukhoza kutembenuza isanatayidwe. Ndisanalole kuti awakhudze, tinagaya ndowa 30 momwemo. Kamita kanayenda mayuniti 17 m'malo mwa 15. Ndiye kuti ndi mahamala otere, mayuniti 900 aja anayenera kugaya ndowa pafupifupi 1,590, osati 1,800. Theka la vuto linali chitsulo, osati munthu. Titawatembenuza, ndowa 30 zinabwerera pa mayuniti 15.

Zinatsala ndowa pafupifupi 220. Ndinakhala pansi ndi zithunzi za mwezi wonse n'kuyamba kufanizira nambala ya madzulo ndi ya tsiku lotsatira. Apa m'pamene ndinaona chofooka cha dongosolo lathu: tinkajambula mita kamodzi kokha pa tsiku, ndiye chochitika pakati pa usiku ndi m'mawa chinkasakanikirana ndi cha masana. Komabe masiku ena ankaonekera. Lachisanu lililonse mayuniti ankalumpha pamene matikiti sanalumphe. Mlonda wa sitolo yoyandikana, nditamugulira tiyi, anandiuza mosabisa kuti Lachisanu chigayo chimalira nkhuku zisanatsike, ndipo pamakhala ngolo ya venda wina wogulitsa ufa. Wogaya anali ndi kiyi yachiwiri, imene achimwene anamupatsa kuti azitsegula iwo akachedwa. Atafunsidwa sanakane. Anali kugayira vendayo pa theka la mtengo, ndalama n'kuika m'thumba. Titawerengera, zinali ndowa pafupifupi 130.

Zotsala 90 zinali za achimwene, ndipo ananena okha ndisanafunse. Kunagwa maliro a azakhali awo, ndipo ufa wonse wa pa maliro unagayidwa pa chigayopo. Kupatula apo, apongozi, alamu ndi akazi a mfumu ankabwera ndi ndowa imodzi imodzi. "Bambo, munthu wabwera ndi chimanga cha pa siwa, ine ndimuuze kuti lipira? Mawa ndidzayenda bwanji m'mudzi muno?" Sindinawatsutse, chifukwa ankanena zoona, ndipo mayiwa atamva za malirowo anati akanauzidwa akanalamula okha kuti agaye. Cholakwa chinali kusalemba. Tinagula buku lachiwiri la matikiti ofiira, a ulere. Achimwene ali ndi ufulu wopereka ndowa 30 pa mwezi kwa amene afuna popanda kufunsa, za maliro amauza mlongo wawo pa foni, koma ndowa iliyonse imalembedwa. Chiyambireni bukuli, zaulere sizinapitirirepo 25 pa mwezi wopanda maliro, chifukwa tsopano achimwene ali ndi chokanira: amangoti matikiti ofiira atha.

Wogayayo tinamuchotsa motsata malamulo a ntchito, titamumvera mbali yake ndi kumulipira zake zonse. Tinaika loko pa bokosi la sitata, kiyi imodzi yokha. Mita tsopano imajambulidwa kawiri, potsegula ndi potseka, ndipo nambala ya m'mawa iyenera kufanana ndi ya dzulo madzulo. Mahamala amayang'anidwa Loweruka lililonse, ndipo kuyeza kwa ndowa 30 kumachitika kamodzi pa mwezi. Mu Disembala kusiyana kunatsika kufika pa zinayi pa 100.

Zimene mita siingaletse

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700 ku banki. Ichi chinali chachiwiri, popeza mu Meyi 2022 inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Kwa munthu amene amalandira mapaundi, tsiku lotere limaoneka ngati labwino chifukwa zimene watumiza zimachuluka. Kwa munthu amene waika kale mapaundi ake m'bizinesi yolowetsa makwacha, ndi tsiku loipa. Phindu la K700,000 lija linali madola pafupifupi 590, ndipo m'mawa mwake linali 410, chigayo chikugaya chimodzimodzi. Malamba, mabering'i ndi masefa, zomwe zambiri zimachokera kunja, zinakwera sabata yomweyo. Mtengo wogayitsa tinakweza, koma pang'onopang'ono, chifukwa amayi a kumudzi malipiro awo sanakwere.

Kenaka kunabwera chilala cha El Niño, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chigayo chimadya zimene munda wabereka. Chaka chabwino chomwe, ntchito imachuluka kuyambira Meyi mpaka Okutobala, n'kutsika kwambiri Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikatha. Mu 2024 nyengo yochuluka inafupika, ndipo anthu ambiri anasiya kukonoletsa n'kumagayitsa mgaiwa kuti chimanga chisathere ku madeya. Chokonola chinkakhala masiku osalira, madeya nawonso anachepa. Pa miyezi yoipitsitsa phindu linatsika kufika pa K150,000, ndipo mwezi umodzi tinangokwanitsa malipiro. Chimene chinatithandiza ndi choti kuyambira pachiyambi tinkapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a phindu la miyezi yabwino, la zokonzetsa ndi la miyezi ya njala. Kumapeto kwa chakacho mafuta atasowa m'dziko, chigayo cha dizilo chija chinaima masabata angapo ndipo makasitomala ake anabwera kwathu. Sizinali nzeru zathu, zinangochitika.

Poyamba ndinawerengera kuti ndalama yawo idzabwerera pa zaka ziwiri ndi theka. Mu makwacha, pofika Disembala 2024 inali itabwerera yoposa theka la imene inalowa. Mu mapaundi inali isanafike ndi theka lomwe. Ndinawauza mosapsatira kuti ngati cholinga chinali kuchulukitsa mapaundi, chigayo si njira yake, komanso kutulutsa ndalama m'Malawi kupita kunja n'kovuta chifukwa ndalama zakunja n'zosowa m'mabanki. Phindu la bizinesi yotere limaoneka kwina. Kale mayiwa ankatumiza mapaundi 250 mwezi uliwonse a fizi ya ana a mchemwali wawo, mankhwala a amayi awo ndi feteleza. Kuyambira pakati pa 2024 zambiri mwa izi zikulipidwa ndi chigayo, ndipo mapaundi aja akutsala ku Leeds, kumene satha mphamvu ngati kwacha. Akamawerenga chonchi, chigayo chikuwalipira bwino kuposa mmene mabuku anga akuonetsera.

Pali mbali ina imene ndinawatumiza kwa odziwa a komweko. Munthu wokhala ku Britain amene amalipira msonkho kumeneko amayenera kuuza HMRC, bungwe la misonkho la dzikolo, za ndalama zimene akupeza kunja, ndipo amene ali pa chitupa cha ntchito ayenera kuona zimene chitupacho chimalola pa nkhani ya ntchito zina ndi mabizinesi. Mayiwa anakaonana ndi wowerengera ndalama wa kumeneko chigayo chisanatsegulidwe, ndipo ine ndimawatumizira mabuku a chaka ndi malisiti a MRA kuti apereke.

Anthu ena amene anamva za chigayochi abwera kudzafuna chawo, ndipo awiri ndawabweza. Mmodzi malo ake anali ndi zigayo zitatu kale pa msika umodzi. Winayo analibe munthu wachiwiri kumudzi, woti n'kupita mwadzidzidzi kukatsegula chivindikiro ngati mmene ndinachitira, ndipo manambala pawokha sangatembenuze mahamala. Woyamba uja tinamupezera zina zotsata nzeru yomweyo. Anasankha nkhuku za mazira, chifukwa nkhuku yoikira imadya magalamu pafupifupi 110 mpaka 120 pa tsiku, ndipo gulu labwino limaikira mazira 80 kapena kuposerapo pa nkhuku 100 zilizonse. Chakudya amalipira yekha kwa wogulitsa ali ku Joni, ndiye matumba amene atha amamuuza nkhuku zimene zilipo, ndipo nkhukuzo zimamuuza mathireyi amene ayenera kuoneka. N'zovutirapo kuposa chigayo, popeza matenda ndi kutentha zimasokoneza nambala, koma pali poyambira kufunsa.

Mayiwa anabwera kumudzi mu Ogasiti 2024, ulendo woyamba chitsegulireni chigayo. Tinapita limodzi. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana amayi akupeta mphale pabwalo, kenaka analowa, ufa ukuwagwera pa malaya, n'kupita molunjika pa khoma pamene pali timamita. Anatulutsa kabuku kawo m'chikwama, n'kufanizira nambala ya pakhomapo ndi imene analemba pa basi ku Leeds masiku atatu m'mbuyomo, n'kuonkhetsa ndi matikiti a pa waya. Achimwene anali chilili pambali manja ali kumbuyo. Zitagwirizana, mayiwa anawapatsa kabukuko kuti aone okha, ndipo anakhala pa benchi awiriwo n'kuyamba kukambirana za mtengo wa makina opera mtedza, ndi ngati thiransifoma ija ingathe kunyamula mota yachitatu.